Malamulo obisika otumiza makalata ndi mapulogalamu olumikizidwa ku akaunti ya imelo

Malamulo obisika otumiza makalata ndi mapulogalamu olumikizidwa ndi njira ziwiri zimene akuba a pa intaneti amagwiritsa ntchito kuti apitirize kuwerenga makalata a munthu ngakhale mwiniwake atabweza akaunti yake ya imelo m'manja mwake. Njira zonse ziwirizi sizidalira pasiwedi. Wakuba amazikhazikitsa pa nthawi imene ali m'kati mwa akaunti, nthawi zina m'mphindi zochepa chabe, ndipo zimatha kupitiriza kugwira ntchito mwiniwake atasintha pasiwedi ndi kuyatsa chitetezo chofuna nambala ya pa foni. Zimapezeka kwambiri pa chinyengo chokhudza malipiro a makampani, pomwe wakuba amadikira invoisi kuti asinthe nambala ya akaunti ya ku banki. Mu ndandanda ya MITRE ATT&CK, imene imalemba njira za akuba otere, lamulo lotumiza makalata lili ndi nambala T1114.003, ndipo lamulo lobisa makalata lili ndi nambala T1564.008.

## Chifukwa chake kusintha pasiwedi sikukwanira

Pasiwedi imafunsidwa munthu akamalowa mu akaunti. Malamulo a makalata salowa n'komwe, chifukwa amakhala pa seva ya kampani yosunga imelo, monga Google kapena Microsoft. Kalata ikafika, seva imayamba yaona malamulo a akauntiyo ndi kuwatsatira, kenako n'kuiika m'bokosi la makalata. Izi zimachitika foni ya mwiniwake itazima, ndipo seva siifunsa kuti lamulolo analemba ndani. Kwa seva, lamulo limene linalembedwa ndi munthu amene analowa ndi pasiwedi yolondola ndi lamulo la mwini akaunti.

Kope la kalata likapita ku adiresi ya wakuba, iye amakaliwerengera mu akaunti yakeyake. Choncho mwiniwake akaona mndandanda wa zipangizo zimene zalowa mu akaunti yake sapezamo chachilendo. Mu Gmail, pansi pa bokosi la makalata pa kompyuta pali mawu akuti Last account activity, ndipo kudina Details kumaonetsa malo ndi nthawi zimene akaunti yatsegulidwa posachedwa. Tsamba limeneli ndi lothandiza pofufuza kuti wakuba analowa liti, koma silinena chilichonse za makalata amene akutuluka kudzera mu lamulo. Anthu ambiri amalekezera pamenepa kufufuza, n'kuganiza kuti nkhani yatha.

## Malamulo otumiza makalata mu Gmail

Mu Gmail muli malo awiri osiyana amene angatumize makalata kunja. Oyamba ali pa tsamba la Forwarding and POP/IMAP, ndipo amatumiza kalata iliyonse yofika. Achiwiri ndi masefa, pa tsamba la Filters and Blocked Addresses, amene amatumiza makalata okhawo okhala ndi mawu kapena adiresi yosankhidwa. Masamba onse awiri amapezeka podina Settings kenako See all settings.

Adiresi yatsopano isanayambe kulandira makalata, Gmail imaitumizira uthenga wotsimikizira. Chitetezo chimenechi chimaletsa munthu kudzaza bokosi la mnzake ndi makalata osafunika, koma wakuba sichimutchinga, popeza adiresiyo ndi yake ndipo amangovomereza yekha. Gmail imaikanso chenjezo pamwamba pa bokosi la makalata kwa sabata imodzi kuchokera pamene kutumizako kwayamba. Munthu amene anatsekeredwa kunja kwa akaunti yake kwa masiku khumi amabwerera chenjezolo litachoka kale.

Chinthu chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: tsamba la Forwarding and POP/IMAP likhoza kuonetsa kuti Disable forwarding ndiyo yosankhidwa, pamene sefa ikutumizabe makalata. Batani limenelo limangokhudza kutumiza makalata onse, masefa amayenda paokha. Adiresi ya wakuba imakhala ikadali pa kamndandanda ka maadiresi ovomerezeka pa tsamba lomwelo, ndipo kuipeza kumafuna kutsegula kamndandandako.

Vuto lina ndi lakuti apu ya Gmail ya pa foni siionetsa masamba awiriwa. Munthu amene amawerenga imelo pa foni pokha, monga mmene zilili kwa anthu ambiri ku Malawi ndi ku Zambia, akhoza kubweza akaunti yake, kusintha pasiwedi ndi kukhala miyezi asanaone tsamba limene pali lamulolo. Kuti alione amafunika kompyuta, kapena kutsegula Gmail mu bulawuza ya pa foni ndi kuisintha kuti ionetse tsamba la pa kompyuta, zimene zimavuta ndithu pa sikirini yaing'ono.

## Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi bizinesi yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo amalandira maoda ndi kutumiza mainvoisi kudzera pa Gmail. Lolemba walandira uthenga wonamizira kuchokera ku Google, n'kulemba pasiwedi yake pa tsamba labodza. Usiku womwewo wakuba walowa. Wawonjezera adiresi yake pa maadiresi olandira makalata, waitsimikizira, n'kulemba masefa awiri. Sefa yoyamba ili motere:

```
Matches: invoice OR payment OR bank
Do this: Forward to malonda.backup@example.com
```

Sefa imeneyi siichotsa kanthu m'bokosi la mayiyo. Makalata onse okhudza ndalama amafika monga mwa masiku onse, kungoti kope limapitanso kwina. Dzina la adiresi lasankhidwa dala kuti lioneke ngati lake la bizinesi. Sefa yachiwiri ndiyo yobisa:

```
Matches: from:(no-reply@accounts.google.com)
Do this: Mark as read, Delete it
```

Iyi imataya machenjezo a chitetezo ochokera ku Google asanaoneke. Makalata otayidwa amakhala mu Trash masiku 30 kenako amafufutika okha, ndiye umboni wa tsiku limene wakuba analowa umatha pakapita mwezi.

Lachitatu mayiyo wazindikira kuti china chalakwika, chifukwa makasitomala ena alandira uthenga wachilendo wochokera kwa iye. Wasintha pasiwedi, wayatsa chitetezo cha magawo awiri, ndipo wakuba sangalowenso. Chenjezo la pamwamba pa bokosi sanalione popeza amagwiritsa ntchito foni.

Patapita milungu itatu, kasitomala wamkulu wayankha kalata ya mayiyo kuti alipira invoisi Lachisanu. Kalata ya kasitomalayo ili ndi mawu akuti `invoice`, ndiye sefa yaitumiza kwa wakuba. M'munsi mwa yankholo muli makalata onse am'mbuyo, kuphatikizapo kuchuluka kwa ndalama, nambala ya invoisi ndi mmene mayiyo amalembera moni. Wakuba safunikira kulowa mu akaunti. Amatsegula adiresi yatsopano yosiyana ndi ya mayiyo ndi chilembo chimodzi, n'kulembera kasitomala kuti akaunti ya ku banki yasintha. Kasitomalayo amakhulupirira chifukwa uthengawo ukutchula zinthu zimene akuganiza kuti akudziwa ndi anthu awiri okha. Nkhani imadziwika sabata yotsatira, mayiyo akafunsa za ndalama zake.

Masefa a Gmail amagwira makalata ofika, koma monga chitsanzochi chikuonetsera, mayankho a anthu amabwera atanyamula zimene mwini akaunti analemba. Motero wakuba amawerenga mbali zonse ziwiri za zokambirana.

## Outlook ndi Exchange

Mu Outlook ndi pa maseva a Exchange, amene makampani ndi mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito, njirayi ndi yofanana koma malo obisalira ndi ambiri. Pali malamulo a m'bokosi la makalata, pa tsamba la Rules, ndipo palinso kutumiza kwa bokosi lonse, pa tsamba la Forwarding. Akuba amakonda kupatsa lamulo dzina losaoneka bwino, monga `.` kapena `..`, ndi kusamutsira makalata ku mafoda amene anthu satsegula, monga RSS Feeds, Archive kapena Conversation History. Kusamutsa kumawakomera kuposa kufufuta chifukwa anthu amatsegula foda ya zotayidwa akamafunafuna kalata yosowa, koma ku RSS Feeds sapitako.

Mu Novembala 2020 bungwe la FBI la ku America linachenjeza makampani za njira imeneyi. Linafotokoza kuti malamulo olembedwa kudzera pa bulawuza nthawi zina sankaoneka pa pulogalamu ya pa kompyuta, moti oyang'anira makompyuta akayang'ana pa pulogalamuyo sankapeza kanthu. Linapereka nkhani ya mu Ogasiti 2020 ya kampani ya ku America yogulitsa zipangizo za m'chipatala, pomwe akuba anaika malamulo otere, n'kudzinamiza kuti ndi kampani ina imene inkachita nayo malonda, ndipo anapeza madola 175,000. M'chaka chomwecho Microsoft inasintha Exchange Online kuti kutumiza makalata kunja kwa bungwe mwa lamulo kukhale kotsekedwa pokhapokha woyang'anira atakutsegula. Kalata yokanidwa motero imabwerera ndi nambala `5.7.520`, ndipo wogwira ntchito amene walandira uthenga wotere asanalembe lamulo lililonse ali ndi chifukwa chodandaulira. Chitetezochi sichiletsa malamulo osamutsa kapena kufufuta makalata m'kati mwa bokosi.

Pali malamulo ena obisika kwenikweni. Mu 2018 Damian Pfammatter, wofufuza wa ku kampani ya Compass Security ya ku Switzerland, anaonetsa kuti lamulo la Exchange limasungidwa ngati kauthenga kobisika m'bokosi, ndipo munthu akasintha zina mwa zizindikiro zake, monga `PR_RULE_MSG_NAME` ndi `PR_RULE_MSG_PROVIDER`, lamulolo limasowa pa mndandanda wa Outlook koma seva imalitsatirabe. Mwini akaunti sangalione pa tsamba la Rules ngakhale atayang'anitsitsa bwanji. Woyang'anira seva amalifufuza ndi PowerShell:

```
Get-InboxRule -Mailbox munthu@example.com -IncludeHidden
Get-Mailbox munthu@example.com | Format-List Forwarding*,DeliverTo*
```

Mzere woyamba umatulutsa malamulo a m'bokosi pamodzi ndi obisika. Ena mwa obisikawo ndi a seva yeniyeniyo, monga lamulo losefa makalata achabechabe, ndiye si lililonse lobisika limene ndi la wakuba. Chofunika kuona ndi kumene lamulo likutumiza makalata. Mzere wachiwiri umaonetsa ngati bokosi lonse likutumizidwa kwina. `ForwardingSmtpAddress` ikakhala ndi adiresi yachilendo ndipo `DeliverToMailboxAndForward` ili pa `True`, ndiye kuti makalata akufika kwa mwiniwake komanso kwa wina, ndipo n'chifukwa chake mwiniwakeyo sanaone kusowa kwa kalata iliyonse. Palinso njira yotsegula Outlook ndi `outlook.exe /cleanrules`, imene imafufuta malamulo onse. Imagwira ntchito, koma imachotsa ndi malamulo abwino omwe, komanso imawononga umboni.

## Mapulogalamu olumikizidwa

Njira yachiwiri imadalira dongosolo lotchedwa OAuth 2.0, limene linalembedwa mu RFC 6749 m'chaka cha 2012. Dongosololi linapangidwa kuti munthu athe kulola pulogalamu ina, monga kalendala kapena apu yowerengera makalata, kugwiritsa ntchito akaunti yake popanda kuipatsa pasiwedi. Munthuyo amaona tsamba lenileni la Google kapena Microsoft lofotokoza zimene pulogalamuyo ikupempha. Akavomereza, pulogalamuyo imalandira tokeni, chomwe ndi chiphaso cha manambala ndi zilembo chogwira ntchito m'malo mwa pasiwedi.

Matokeni alipo a mitundu iwiri. Yolowera imatha mphamvu pakapita pafupifupi ola limodzi. Yachiwiri ndi yotengera matokeni atsopano, ndipo imakhalitsa: ku Microsoft imakhala masiku 90 n'kumasinthidwa ndi yatsopano ikamagwiritsidwa ntchito, ndipo ku Google imafa ikakhala miyezi isanu ndi umodzi osagwiritsidwa ntchito. Pulogalamu imene imawerenga makalata tsiku lililonse siifika pa malire amenewa. Siifunsidwanso nambala ya pa foni, chifukwa chitetezo cha magawo awiri chinafunsidwa kamodzi, pa tsiku lovomereza.

Wakuba amalumikiza pulogalamu m'njira ziwiri. Ngati ali kale m'kati mwa akaunti, amavomereza yekha. Ngati sali m'kati, amanyengerera mwiniwake kuti avomereze, ndipo apa safunikira n'komwe kudziwa pasiwedi. Chitsanzo chodziwika ndi cha pa 3 Meyi 2017, pamene anthu ambiri analandira imelo yowaitana kutsegula chikalata. Ulalo wake unkapita ku tsamba lenileni la Google, limene linkapempha chilolezo cha pulogalamu yotchedwa Google Docs. Pulogalamuyo siinali ya Google, linali dzina chabe. Aliyense wovomereza ankaipatsa mphamvu pa makalata ndi pa mndandanda wa anzake, ndipo inkadzitumiza yokha kwa anzakewo. Google inanena kuti inaithetsa pafupifupi mu ola limodzi ndipo inakhudza osakwana 0.1 peresenti ya ogwiritsa ntchito Gmail.

Kusintha pasiwedi kumakhudza matokeni mosiyana m'makampani awiriwa, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amasakaniza zimenezi. Ku Google, tokeni yokhala ndi chilolezo cha Gmail imasiya kugwira ntchito pasiwedi ikasinthidwa. Koma pulogalamu yokhala ndi chilolezo cha Drive kapena cha mndandanda wa maadiresi ikhoza kupitirira, ndipo mu Drive ndi momwe anthu amasunga mainvoisi ndi zithunzi za ziphaso. Ku Microsoft 365, pulogalamu yoyendera pa seva ya mwini wake imasunga tokeni yake ngakhale pasiwedi itasinthidwa, ndipo Microsoft yeniyeniyo imanena m'malangizo ake kuti kusintha pasiwedi kapena kuyatsa chitetezo cha magawo awiri sikuthetsa vuto la chilolezo choperekedwa mwachinyengo. Chilolezocho chiyenera kuchotsedwa pachokha.

Mndandanda wa mapulogalamu olumikizidwa umapezeka pa `myaccount.google.com/connections` kwa ogwiritsa ntchito Google, pa `account.live.com/consent/Manage` kwa a Outlook.com, ndi pa `myapps.microsoft.com` kwa akaunti ya ku ntchito kapena ku sukulu. Dzina la pulogalamu silithandiza kwambiri, monga nkhani ya 2017 inaonetsera. Chofunika ndi zimene inaloledwa kuchita ndiponso, kumene tsamba likuonetsa, tsiku limene inaloledwa. Ku Microsoft, zilolezo monga `Mail.Read` ndi `Mail.ReadWrite` zikaphatikizana ndi `offline_access` zimatanthauza kuwerenga makalata mwiniwake kulibe. Ku Google, `https://mail.google.com/` ndi chilolezo chowerenga, kutumiza ndi kufufuta chilichonse. Nthawi zina pulogalamuyo imakhala yeniyeni, monga yowerengera kapena yokopera makalata imene aliyense angagule, kungoti anailumikiza ndi wakuba. Funso loyenera ndi lakuti mwiniwake akukumbukira kuilumikiza kapena ayi.

## Zitseko zina zing'onozing'ono

Mu Gmail, pa tsamba la Accounts and Import pali gawo la Grant access to your account, limene limalola akaunti ina ya Gmail kuwerenga ndi kuyankha makalata polowa ndi pasiwedi yakeyake. Linapangidwira mabwana ndi alembi awo, ndipo silichoka pasiwedi ikasinthidwa. Mapasiwedi a mapulogalamu, a zilembo 16, Google imawafufuta yokha pasiwedi yaikulu ikasinthidwa. Nambala ya foni ndi imelo yobwezera akaunti nazo zimafunika kuonedwa, chifukwa zikakhala za wakuba amangopempha pasiwedi yatsopano n'kubwerera.

## Kayeretsedwe ka akaunti

Ndondomeko yake ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Ntchito imayamba pa chipangizo chodalirika, ndi kusintha pasiwedi, kutulutsa zipangizo zonse zachilendo ndi kukonza nambala ndi imelo yobwezera. Kuchotsa malamulo wakuba akadali m'kati n'kutaya nthawi, chifukwa amangowalembanso.

Kenako pamabwera malamulo. Lamulo lachilendo lisanafufutidwe, ndi bwino kulijambula pa sikirini. Chithunzicho chimasunga adiresi ya wakuba ndi mawu amene ankasaka, ndipo mawuwo ndi amene amasonyeza makalata amene anatuluka. Pa chitsanzo cha mayi uja, kulemba `invoice OR payment OR bank` m'bokosi lofufuzira la Gmail ndi kuona makalata ofika kuchokera Lolemba lija kumatulutsa mndandanda wa zimene wakuba anawerenga komanso mayina a makasitomala ofunika kuchenjezedwa. Sefa ikachotsedwa, adiresi ya wakuba ichotsedwenso pa kamndandanda ka pa tsamba la Forwarding and POP/IMAP. Pambuyo pake ndi pamene amachotsa mapulogalamu osadziwika ndi anthu opatsidwa mwayi wowerenga makalata. Pulogalamu yabwino ikachotsedwa molakwitsa palibe chowonongeka, imangopempha chilolezo kachiwiri.

Mapasiwedi a malo ena, monga a ku banki, a Facebook kapena a masitolo a pa intaneti, amasinthidwa pomalizira. Chifukwa chake n'chakuti malo ambiri amatumiza ulalo kapena nambala yosinthira pasiwedi ku imelo. Lamulo lotumiza makalata likadalipo, wakuba amalandira ulalowo nthawi imodzi ndi mwiniwake, ndipo iye akhozanso kupempha yekha kusintha pasiwedi ya malo alionse amene akudziwa kuti munthuyo ali ndi akaunti.

Makalata amene anatumizidwa kale sangabwezedwe. Wakuba amakhala nawo mu akaunti yake, ndipo akhoza kuwagwiritsa ntchito patapita miyezi polembera makasitomala kuchokera ku adiresi yofanana ndi ya mwiniwake. N'chifukwa chake makampani amene zawachitikira amadziwitsa onse ochita nawo malonda pa foni, pa nambala imene ankaidziwa kale osati yolembedwa mu imelo, kuti uthenga uliwonse wonena za kusintha kwa akaunti ya ku banki uyambe watsimikiziridwa pakamwa ndalama zisanatumizidwe.